Msonkho wa ochita malonda ang'onoang'ono: momwe mungadziwire gulu lanu ndi kope limodzi

Wogulitsa mbatatesi pa Lizulu, mwini golosale pa Chimbiya ndi telala wa pa boma la Ntcheu onse amakhudzidwa ndi lamulo limodzi la msonkho limene ambiri amangolimva pakamwa pa anzawo. Lamuloli limati munthu wa bizinesi yaing'ono asavutike ndi mabuku owerengera phindu, koma alipire ndalama yoikika kale malinga ndi kuchuluka kwa zimene wagulitsa pa chaka. Pa mafomu ndi pa kompyuta ya bungwe lotolera misonkho la MRA mudzauona utalembedwa kuti Presumptive Tax. Boma silifufuza phindu lanu lenileni. Limangoyerekeza kuti munthu wogulitsa katundu wa ndalama zakuti ayenera kuti amapeza kangachepe kokwanira kulipira msonkho wakuti.

Msonkho umenewu unabwera ndi bajeti ya 2021/22, imene anaipereka ku Nyumba ya Malamulo anali a Felix Mlusu, nduna ya zachuma pa nthawiyo. Usanabwere, amalonda ang'onoang'ono ankalipira 2 peresenti ya zonse zimene agulitsa. Njira ija inkafuna kuti pa K100 iliyonse yolowa muwerengere K2 ya boma, ndiye chiwerengero cha malonda chinkayenera kudziwika mpaka kwacha yomaliza. Njira ya 2021 inafewetsa zinthu poika amalonda m'magulu anayi:

Wogulitsa zosapitirira K4 miliyoni pa chaka salipira kanthu.
Wopitirira K4 miliyoni kulekeza K7 miliyoni amalipira K110,000 pa chaka.
Wopitirira K7 miliyoni kulekeza K10 miliyoni amalipira K170,000.
Wopitirira K10 miliyoni kulekeza K12.5 miliyoni amalipira K225,000.

Manambalawa ndi amene anaikidwa mu 2021. Bajeti imakambidwa chaka ndi chaka ndipo malire a misonkho amatha kusunthidwa, choncho tsiku limene mwapita ku ofesi ya MRA pemphani akuonetseni magulu amene akugwira ntchito chaka chimenecho, muwalembe mkati mwa chikuto cha kope lanu. Kawerengedwe kamene ndifotokoze pano sikasintha ngakhale manambala atasintha.

Chifukwa chake sakufunsani mabuku

Kuti muone ubwino wake, taonani kaye zimene munthu wolipira msonkho wa pa phindu amayenera kuchita. Amawerenga katundu yense amene ali m'shopu tsiku loyamba la chaka ndi kumuika mtengo. Amaphatikiza katundu yense amene waoda chaka chonse, aliyense ndi lisiti lake. Pakutha pa chaka amawerenganso wotsala. Akatero amadziwa mtengo wa katundu amene watuluka, n'kuuchotsa pa ndalama zimene wagulitsa. Pamenepo sanathe. Achotsenso lendi, magetsi, thiransipoti, malipiro a wantchito, ndiponso kutha mphamvu kwa zinthu zokhalitsa monga filiji kapena makina osokera, kumene kuli ndi kawerengedwe kakekake m'malamulo. Chotsalacho ndiye phindu lokhomedwa msonkho, ndipo chilichonse chimene wachotsa ayenera kukhala ndi umboni wake wogwirika.

Tsono ganizani za munthu wopikula kabichi ndi mbatatesi kwa alimi a ku Bembeke kapena ku Tsangano. Mlimi sapereka lisiti pamunda. Mnyamata wonyamula matumba kukafikitsa ku msewu sapereka lisiti, wa ngolo sapereka, wa lole amene mwamuimitsa pa M1 sapereka. Tomato wina amaphwanyika m'njira, wina amaola podikira wogula, ndipo palibe pepala lonena kuti dengu lakuti linatayidwa. Munthu wotereyu atati alipire msonkho wa pa phindu, zambiri zimene anawononga sakanatha kuzitsimikiza, ndipo phindu lake likanaoneka lalikulu kuposa mmene lilili. Akanati alembe ntchito akauntanti woti amukonzere mabuku, ndalama yolipira akauntantiyo ikanatha kupitirira msonkho womwewo.

Nalo boma linadziwerengera mbali yake. Kutuma wogwira ntchito kuti akakhale pansi ndi mwini hokala, n'kumaunika lisiti limodzilimodzi la sopo ndi mchere, kungadye ndalama zambiri kuposa zimene angatolere pa hokalayo. Ndiye boma linasankha zosavuta: inu mungonena zimene mwagulitsa, a MRA sakufunsani zimene mwawononga. Chinthu chimodzi chokha ndicho chatsala choti chidziwike, ndipo ndi kuchuluka kwa malonda anu pa chaka.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, ndipo ndikufuna timvetsetsane bwino. Kumasulidwa ku mabuku aakulu sikutanthauza kuti musalembe chilichonse. Nambala imodzi yatsalayo ndi imene ikusankha pakati pa kusalipira kanthu ndi kulipira K225,000. Munthu wopanda cholemba alibe choyankha akauzidwa kuti ali m'gulu lapamwamba.

Yambani ndi kuona ngati msonkhowu ndi wanu

Msonkhowu anaukonzera munthu wochita malonda payekha, amene malonda ake pa chaka sapitirira malire apamwamba aja. Kampani yolembetsedwa ngati limitedi ili ndi msonkho wake, ngakhale itakhala yaing'ono bwanji. Ndalama za lendi ya nyumba, ndiponso malipiro a ntchito za ukatswiri monga upangiri ndi kuphunzitsa anthu pa misonkhano, nazo zimayendera njira ina. Ngati muli ndi golosale kutsogolo ndi zipinda zochititsa lendi kumbuyo, musaphatikize ndalama ziwirizi m'kope limodzi.

Chinanso, musausokoneze ndi zimene mumalipira kale. Chiphaso cha mumsika chimene mumadula m'mawa, komanso laisensi ya bizinesi, ndi ndalama za khonsolo ya boma la Dedza kapena Ntcheu. Zimene mumalipira polowetsa katundu pa chipata cha Dedza kapena pa Biriwiri ndi za kasitomu, ngakhale wotolera ndi MRA yemweyo. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimalowa m'malo mwa msonkho wa pa malonda, ndiye kuonetsa mulu wa ziphaso za mumsika sikungakuchotsereni ngongole ya msonkhowu.

Gulani kope, ndipo lembani tsiku lililonse

Kope la sukulu lachikuto cholimba ndi lokwanira. Tsamba lililonse likhale la sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo mzere uliwonse ukhale wa tsiku limodzi. Simukufunika kulemba paketi iliyonse ya shuga imene yatuluka. Chofunika ndi chiwerengero chimodzi choona pakutha pa tsiku.

Vuto ndi lakuti ndalama zimene mwazipeza m'kabati madzulo si malonda a tsikulo. Anthu ambiri amangowerenga zimenezo n'kulemba, ndipo amalakwitsa mbali zonse ziwiri: tsiku lina amadzichepetsera, tsiku lina amadziwonjezera. Tiyerekeze mayi wa golosale pa Lizulu akutseka madzulo. M'kabati muli K21,500. Masana makasitomala awiri analipira pa foni, zonse pamodzi K4,000. Wobweretsa buledi atafika, mayiwa anatapa K6,000 m'kabati momwemo n'kumulipira. Aphunzitsi ena anatenga katundu wa K2,500 pa ngongole, adzalipira mwezi ukatha. Zonsezi ndi malonda a lero, ndiye tiziphatikize: K21,500 ndi K4,000 ndi K6,000 ndi K2,500 zikukwana K34,000.

Koma m'kabati muja muli ndalama zina zimene si za malonda a lero. M'mawa mayiwa anayamba ndi K5,000 ya chenje. Ndiponso munthu wina anabwera kudzabweza K3,000 ya katundu amene anatenga sabata yatha, amene analembedwa kale tsiku limene anatuluka m'shopu. Tikachotsa K8,000 imeneyi pa K34,000 patsala K26,000. Amenewa ndiye malonda a tsikulo, ndipo ndi nambala yolowa m'kope.

Kawerengedwe kake ndi komweko tsiku lililonse. Tengani ndalama za m'kabati, onjezani za pa foni, onjezani zonse zimene munatapa m'kabati masana kaya zogulira katundu kaya ndiwo za kunyumba, onjezani ngongole zatsopano, kenako chotsani chenje cha m'mawa ndi ngongole zakale zimene zabwezedwa. Mukazolowera, ntchito yake sitenga nthawi yoposa yotsekera mawindo ndi zitseko. Chimene chimathandiza kwambiri ndi kapepala kokhala m'kabati momwemo, kuti mukangotapa ndalama mulembe pomwepo, chifukwa pofika madzulo K1,500 ya makala imakhala itaiwalika.

Ngongole muzilembe kamodzi kokha, tsiku limene katundu watuluka. Mukalemba potuluka katundu n'kudzalembanso polandira ndalama, mwadziwerengera kawiri, ndipo pa golosale imene imakongoza aphunzitsi ndi anamwino mwezi ndi mwezi, kulakwitsa kotereku kungakukwezeni gulu popanda chifukwa.

Palinso ndalama zimene zimadutsa m'manja mwanu koma si malonda n'komwe. Ngongole yochokera ku banki m'khonde, ndalama ya chipereganyu ikakugwerani, ndalama imene mwana watumiza kuchokera ku Joni kuti muwonjezere mpamba, zonsezi zilembedwe kumapeto kwa kope pa tsamba lakelake, ndi tsiku ndi kumene zachokera. Zikasakanikirana ndi malonda, makamaka ngati zalowera pa nambala ya foni yomwe makasitomala amalipirirapo, wofufuza wa MRA adzaziona ngati ndalama za bizinesi, ndipo inu mudzasowa chosiyanitsira. Ngati mungathe, khalani ndi nambala ina ya malonda okhaokha.

Kwa inu a m'malire, pa Lizulu ndi malo ena kumene wogula amatha kutulutsa metikashi, isintheni m'makwacha pa mtengo wa tsiku lomwelo musanalembe. Kope likhale la ndalama ya mtundu umodzi.

Phatikizani mwezi ndi mwezi, ndipo samalani ndi nyengo

Pakutha pa mwezi phatikizani masiku onse ndi kulemba chiwerengerocho pa tsamba loyamba la kope, pamene mwasiya mizere 12 ya miyezi ya chaka. Pansi pa mwezi uliwonse muzilemba zonse zimene zasonkhana kuchokera poyamba, kuti muziona mmene mukuyandikirira malire a gulu lanu.

Pali njira yachidule yodziyezera musanadikire chaka chonse. Shopu yotsegula masiku 26 pa mwezi imagwira ntchito masiku 312 pa chaka. Mukagawa malire aja ndi 312, mupeza kuti K4 miliyoni ndi malonda a pafupifupi K12,800 pa tsiku, K7 miliyoni ndi K22,400, K10 miliyoni ndi K32,000, ndipo K12.5 miliyoni ndi K40,000. Anthu ambiri akamva mawu akuti miliyoni amaganiza kuti nkhaniyi ndi ya eni mashopu aakulu. Koma ndi mmene mitengo ya shuga, mafuta ophikira ndi sopo yakwerera kuchokera mu 2021, hokala wamba imatha kugulitsa K13,000 dzuwa lisanafike pamutu. Katundu wotuluka ndi yemweyo, phindu mwina lachepa kumene, koma nambala ya malonda yakwera ndipo yakulowetsani m'gulu lolipira.

Njira yachiduleyi ili ndi msampha waukulu kuno kwathu, chifukwa malonda a ku Dedza ndi Ntcheu amatsata zokolola. Alimi akagulitsa mbatatesi, nyemba, soya ndi chimanga, ndalama imayenda ndipo golosale imadzaza anthu. Ikafika Januwale ndi Febuluwale, ndalama yonse yapita ku feteleza ndi fizi, ndipo munthu amagula mafuta a m'kachubu m'malo mwa botolo.

Tibwerere kwa mayi aja. Tinene kuti miyezi inayi ya zokolola amagulitsa K35,000 pa tsiku. Pa masiku 26 ndi K910,000 pa mwezi, ndipo miyezi inayi ndi K3,640,000. Miyezi isanu ndi itatu yotsalayo amagulitsa K15,000 pa tsiku, imene ndi K390,000 pa mwezi, ndipo yonse pamodzi ndi K3,120,000. Chaka chonse malonda awo ndi K6,760,000. Ali m'gulu lachiwiri, ndipo msonkho wawo ndi K110,000.

Tsono tinene kuti ogwira ntchito a MRA afika pa golosalepo mu Julayi, mashelefu ali odzaza, anthu ali pamzere. Afunsa kuti, "Mayi, pa tsiku mumagulitsa zingati?" Mayiwa, posafuna kunama, ayankha kuti masiku ano zimafika K35,000. Wofunsayo akachulukitsa ndi masiku 312 apeza K10,920,000, ndipo ameneyo ndi munthu wa gulu la K225,000. Palibe amene wanama, palibe amene wachita chinyengo, koma mayiwa awonjezeredwa K115,000 chifukwa mwezi umodzi wabwino waimira chaka chonse. Chowapulumutsa ndi tsamba loyamba lija, loonetsa Febuluwale ali pa K390,000 ndi masiku ake onse kumbuyo kwake. Ndi chifukwa chake ndimaumirira kuti kope lilembedwe tsiku ndi tsiku. Kope lodzazidwa usiku umodzi ndi cholembera chimodzi, manambala ake ofanana mzere ndi mzere, limadziwika msanga ndipo palibe amalikhulupirira.

Funso lotere likabwera, yankhani ndi chiwerengero cha chaka kapena cha miyezi imene mwalemba, osati cha dzulo. Ngati bizinesi ndi yatsopano ndipo mulibe chaka chathunthu, nenani poyera kuti miyezi imene ili m'kopeyo ndi ya zokolola kapena ya njala, kuti poyerekeza chaka aganizire zimenezo.

Kulembetsa ndi kulipira

Mukadziwa gulu lanu, chotsatira ndi kukhala ndi nambala ya wolipira msonkho, imene anthu amaidziwa kuti TPIN. Imapezeka ku ofesi ya MRA kapena kudzera pa intaneti, pa tsamba lawo la Msonkho Online, ndipo kuitenga n'kwaulere. Tengani chiphaso chanu cha unzika, ndi satifiketi ya bizinesi ngati munalembetsa dzina la bizinesiyo, ndi kope lija. Munthu akakuuzani kuti mumupatse ndalama kuti akutengereni nambalayi mwachangu, mukaneni. Ngati munatengapo kale TPIN, mwina pofuna kutsegula akaunti ya bizinesi kapena kulowetsa katundu pa chipata, musatengenso ina. Munthu mmodzi amakhala ndi nambala imodzi, ndipo malonda ake amayang'anidwa pamodzi, kotero kuti golosale ya pa Kampepuza ndi benchi ya pa Ntcheu, ngati zonse ndi zanu, muziphatikize poyeza gulu.

Pa ofesipo onetsetsani kuti akulembani pa mtundu woyenera wa msonkho. Pemphani akuonetseni pa kompyuta kapena pa pepala kuti palembedwa Presumptive Tax. Munthu wolembedwa pa msonkho wa pa phindu amayembekezeredwa kupereka mafomu ena ndi mabuku, ndipo akapanda kutero chindapusa chimayamba kusonkhana iye asakudziwa. Funsaninso masiku olipirira ndi kuwalemba m'chikuto, pafupi ndi magulu aja.

Polipira, kompyuta imatulutsa nambala ya malipiro yotchedwa PRN, ndipo ndi imene mumapita nayo ku banki. Nambalayi ndiyo imalumikiza ndalama yanu ndi dzina lanu. Mukalipira, sungani kapepala ka ku banki, kamatireni kapena kakhomeni kumapeto kwa kope, ndipo kajambuleni ndi foni chifukwa inki ya timapepala timeneti imafufutika pakapita miyezi. Musapereke ndalama ya msonkho m'manja mwa munthu pakhomo pa shopu, ngakhale atavala bwino chotani. Wobwera m'dzina la MRA akuonetseni chiphaso chake cha ntchito, ndipo zimene wakuuzani zikathere ku ofesi ndi ku banki.

Ndalama yake musaidikire kuti idzapezeke pa tsiku lolipira. K110,000 mukaigawa ndi masiku 312 ndi pafupifupi K350 pa tsiku. Mayi aja akamapatula K400 madzulo alionse, pakutha pa chaka ali ndi K124,800, yokwanira msonkho n'kutsalako. Kwa munthu amene malonda ake amatsata nyengo, ndi bwino kupatula zambiri m'miyezi ya zokolola, mwina K800 pa tsiku, kuti Januwale akafika musatape mpamba.

Ngati mumaperekera katundu ku sukulu yogonera, ku chipatala kapena ku bungwe, mudzaona kuti polipira amadulako msonkho pang'ono, umene pa katundu wakhala uli 3 peresenti kwa zaka zambiri. Musachoke opanda satifiketi yoonetsa kuti adula ndipo yalembedwa TPIN yanu. M'kope lembani mtengo wonse wa katunduyo asanadule, ndipo satifiketiyo mupite nayo ku ofesi pokambirana za msonkho wanu, kuti ndalama imene inapita kale ku boma m'dzina lanu ioneke.

Pamene msonkhowu umaluma

Sindingakuuzeni kuti njirayi imakomera aliyense mofanana, chifukwa sizili choncho. Popeza siyang'ana phindu, imapeputsa munthu amene amapindula kwambiri pa katundu wochepa, ndipo imalemera kwa amene amayendetsa ndalama zambiri koma n'kutsala ndi zochepa.

Taonani anthu awiri. Telala amene makasitomala amabwera ndi nsalu zawo amagulitsa luso la manja ake. Tinene kuti pa chaka walandira K6 miliyoni, ndipo atachotsa lendi, ulusi, magetsi ndi malipiro a womuthandiza, watsala ndi K2.4 miliyoni. Msonkho wa K110,000 sukufika ndi 5 peresenti yomwe ya phindu lake. Mnzake wopikula mbatatesi wagulitsa matumba a K12 miliyoni, koma pa K1,000 iliyonse amatsala ndi K50 yokha akachotsa mtengo wa pamunda, thiransipoti, onyamula ndi zoola. Phindu lake ndi K600,000, ndipo msonkho wa K225,000 ukumudyera zopitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Chaka chimene mitengo ya ku Lilongwe ndi Blantyre yagwa iye atagula kale modula, n'kutheka kutuluka wopanda phindu n'komwe, koma msonkho ukhalabe womwewo chifukwa malonda anachitika.

Munthu wotereyu ndi amene ayenera kulemba zambiri kuposa zimene msonkhowu umafuna. Pambali pa malonda, alembe mtengo umene wagulira thumba lililonse, dzina la mudzi, tsiku, ndipo mlimi asaine kapena adinde chala m'kabuku. Ndi zolemba zoterezi angathe kupita ku ofesi ndi kufunsa ngati kuwerengeredwa pa phindu lenileni sikungamukomere, atayeza bwino mtengo wa kusunga mabuku athunthu. Ndipo ngakhale atakhalabe pa msonkho wa magulu, adzadziwa kuti pa thumba lililonse ayenera kuikapo kangati kuti msonkho usadye mpamba.

Kuluma kwina kuli pa malire penipeni. Wogulitsa K3.9 miliyoni salipira kanthu, pamene wogulitsa K4.1 miliyoni amalipira K110,000 yonse. Malonda owonjezera a K200,000, amene phindu lake mwina ndi K30,000, abweretsa msonkho woposa phindulo katatu ndi kupitirira. Zimenezi zimayesa munthu kuti asiye masiku ena osalemba, kapena alembetse theka la shopu m'dzina la mkazi wake pamene shopu ndi imodzi, kabati imodzi. Musatero. Malonda amasiya mapazi m'malo ambiri: m'malisiti a ku holoselo kumene mumaoda, m'mbiri ya ndalama za pa foni, m'mapepala a pa chipata. Munthu amene waoda katundu wa K6 miliyoni sanganene kuti wagulitsa K3.9 miliyoni mashelefu ali opanda kanthu. Kope likapezeka kuti lanama pamodzi, lonse limataya mphamvu, ndipo pamenepo wofufuza amayerekeza yekha, n'kuwonjezapo chindapusa ndi chiwongoladzanja. Chochita choona ndi kuyang'ana tsamba loyamba lija miyezi ikadalipo. Mukaona pofika mwezi wachisanu ndi chitatu kuti mudutsa malire, yambani kupatula ndalama ya gulu lotsatira nthawi yomweyo.

Malisiti a ku holoselo, ngakhale msonkhowu suwafuna, asungeni m'jumbo kapena muwabaye pa waya. Amagwira ntchito yotsimikizira kope lanu. Ngati mwaoda katundu wa K5.8 miliyoni ndipo kope likuti mwagulitsa K6,760,000, nkhani yanu ikumveka yokha popanda kulumbira.

Mukayandikira malire apamwamba

Malonda akamafika K40,000 pa tsiku m'miyezi yabwino ndi yoipa yomwe, mukutuluka mu msonkho wa magulu ndi kulowa mu wa pa phindu, kumene zonse zija ndinatchula poyamba zimafunika: kuwerenga katundu wotsala, malisiti, ndalama zowonongedwa. Kusinthaku kumapweteka munthu amene kwamupeza modzidzimutsa, chifukwa chaka choyamba amakhala ndi malonda odziwika koma alibe umboni wa zimene anawononga, ndiye phindu lake limaoneka lalikulu.

Choncho mukangolowa m'gulu la K225,000, gulani kope lachiwiri la zotuluka. Lembanimo katundu wooda, lendi, magetsi, thiransipoti ndi malipiro a wantchito, chilichonse ndi tsiku lake ndi lisiti lake ngati lilipo. Ndalama zotengera kunyumba zikhale ndi tsamba lake, chifukwa si zowonongera bizinesi. Tsiku lomaliza la chaka chanu cha malonda tsekani shopu msanga, werengani katundu yense amene ali pa shelefu ndi m'stolo pa mtengo umene munagulira, ndipo lembani chiwerengerocho ndi deti. Nambala imeneyo ndiyo idzakhale poyambira mabuku anu a chaka chotsatira. Kope la malonda likaonetsa kuti mwadutsa malire, pitani nokha ku ofesi ya MRA ndi makope onse awiri mukapemphe kuti akusinthireni mtundu wa msonkho, musanalandire kalata yokuitanani.